Metifomini: mmene amatsitsira shuga, zovuta zake ndi amene sayenera kumwa

Munthu wamkulu akapezeka ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, mankhwala oyamba amene madokotala amamulembera nthawi zambiri ndi metifomini. Ndi mapilitsi akale ndithu. Chiyambi chake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, chimene asing'anga akumeneko ankagwiritsa ntchito kalekale. Mu 1957 dokotala wa ku France, Jean Sterne, anasonyeza kuti metifomini amatsitsa shuga mwa odwala, ndipo lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse. Komabe ambiri amene amawamwa tsiku ndi tsiku sanauzidwepo zimene mankhwalawa amachita akalowa m'thupi. Njira yake ndi yaifupi: amalowera m'matumbo, amagwira ntchito m'chiwindi, kenako amatulukira ku impso. Ubwino wake, zovuta zake ndi ngozi yake zonse zili pa malo atatu amenewa.

Ntchito yake m'chiwindi

Anthu ambiri amaganiza kuti shuga wa m'magazi amachokera ku chakudya chokha. Koma chiwindi nachonso chimapanga shuga. Chili ngati nkhokwe: munthu akadya chimasunga, ndipo usiku kapena pa nthawi ya njala chimatulutsa pang'onopang'ono kuti ubongo ndi ziwalo zina zisasowe mphamvu. Amene amauza chiwindi kuti chisiye kutulutsa ndi insulini, timadzi topangidwa m'kapamba. Mwa munthu wodwala shuga wa mtundu wachiwiri insulini alipo, koma thupi silimumvera bwino, choncho chiwindi chimangotulutsabe shuga ngakhale m'magazi ali kale wambiri. N'chifukwa chake munthu amatha kugona atangodya pang'ono, m'mawa n'kupeza kuti shuga wakwera.

Ntchito yaikulu ya metifomini ndi kuchepetsa shuga amene chiwindi chimapanga. Amathandizanso minofu kumvera insulini kuti izitenga shuga m'magazi, komanso amachititsa kuti matumbo enieniwo azigwiritsa ntchito shuga wochuluka. Chofunika kudziwa n'chakuti sakakamiza kapamba kutulutsa insulini wambiri. Apa ndi pamene amasiyana ndi gilibenikalamaidi, mankhwala enanso a shuga amene amaperekedwa kawirikawiri. Gilibenikalamaidi amakankha kapamba kaya munthu wadya kapena ayi, ndipo wodumpha chakudya akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mwinanso kukomoka chifukwa shuga watsika kwambiri. Metifomini payekha sachita zimenezi kawirikawiri, ndipo sanenepetsa munthu. Koma amene akumwa mitundu iwiriyi pamodzi, kapena akubayanso insulini, ayenera kusamalabe, chifukwa mankhwala enawo ndi amene angagwetse shuga.

Metifomini sachiza matenda a shuga. Amagwira ntchito pa nthawi imene akumwedwa, ndipo munthu akasiya, shuga amakweranso m'masiku ochepa ngakhale iye akudzimva kuti ali bwino.

Chifukwa chake m'mimba mumavuta

Dandaulo lofala kwambiri ndi la m'mimba: kutsekula, mseru, kudzimbidwa, mpweya, kusafuna kudya, komanso kumva kukoma kwachilendo mkamwa ngati wanyambita chitsulo. Zimenezi zimachitika chifukwa mankhwalawa amachuluka kwambiri m'makoma a matumbo. Zimavuta m'masabata oyamba, makamaka munthu akayamba ndi mlingo waukulu kapena akamwa m'mimba muli mopanda kanthu, ndipo kwa ambiri zimatha thupi likazolowera.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 amene wangopezeka ndi shuga, ndipo magazi asonyeza kuti impso zake zili bwino. Dokotala wosamala sangamuyambitse pa mlingo wonse. Sabata yoyamba amamupatsa pilitsi limodzi la mamiligalamu 500 pa tsiku, loti azimwa ali mkati mwa chakudya chamadzulo kapena atangomaliza kudya. Ngati m'mimba muli bata, sabata yachiwiri amawonjezera lina la 500 pa chakudya cham'mawa. Kenako amakweza pang'onopang'ono, pakadutsa sabata imodzi kapena awiri, malinga ndi mmene shuga akutsikira, mpaka mwina mamiligalamu 1,000 m'mawa ndi 1,000 madzulo. Kupitirira 2,000 pa tsiku phindu limawonjezeka pang'ono chabe, pomwe m'mimba mumavutirapo.

Tinene kuti mayiyu atafika pa mapilitsi atatu pa tsiku wayamba kutsekula m'mimba pang'ono, koma akudya, akumwa madzi ndipo akugwira ntchito zake. Sayenera kungotaya mankhwalawo mwakachetechete, monga amachitira ambiri. Auze adokotala, amene nthawi zambiri amamubweza pa mapilitsi awiri kwa sabata zingapo asanayesenso kukweza. Palinso mtundu wa metifomini wosungunuka pang'onopang'ono, umene ena amaupirira bwino. Umenewu umamezedwa wathunthu, osaphwanya kapena kutafuna. Ndipo tsiku lina akaiwala kumwa, asamwe mlingo wowirikiza pofuna kubweza.

Vuto lina limabwera mochedwa. Metifomini akamwedwa kwa zaka zingapo amachepetsa vitamini B12 amene matumbo amayamwa kuchokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Vitamini ameneyu akaperewera munthu amatopa, magazi amachepa, ndipo mapazi amachita dzanzi kapena kubayabaya. Chosokoneza n'chakuti shuga nayenso amawononga mitsempha ya kumapazi mofananamo, ndiye n'kosavuta kungoti ndi shugayo. Amene wamwa metifomini kwa zaka zambiri ndipo mapazi ayamba dzanzi apemphe kuti ayezedwe B12, chifukwa kuperewera kwake kumachizika ndi mapilitsi kapena jakisoni, koma mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali sibwerera mwakale.

Impso ndi ngozi ya asidi

Thupi siliphwanya metifomini. Amatuluka mmene analowera, kudzera mu impso ndi mkodzo. Impso zikafooka, mankhwala amaunjikana m'magazi. Tsono imodzi mwa njira zimene chiwindi chimapangira shuga ndi kusandutsa asidi wina wotchedwa lakitiki, amene minofu imatulutsa ikamagwira ntchito. Metifomini akachuluka kwambiri amatsekereza njira imeneyi, asidiyo n'kudzaza m'magazi. Vutoli sililowa kawirikawiri, ndipo mwa munthu wa impso zabwino n'losowa kwambiri, koma likachitika likhoza kupha.

Zizindikiro zake ndi kupuma mofulumira ndiponso mozama, kufooka kwambiri, kuphwanya kwa minofu, kupweteka m'mimba ndi kusanza, kuzizidwa ndi kuodzera kosadziwika bwino. Munthu wotere asamwenso pilitsi lina, ndipo atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa.

N'chifukwa chake impso ziyenera kuyezedwa munthu asanayambe metifomini, kenako kamodzi pa chaka, kapena kupitirira apo kwa okalamba. Amayeza kuliyatinini m'magazi, n'kuwerengetsera nambala imene pa pepala la zotsatira imalembedwa kuti eGFR, yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi. Ikakhala 60 kapena kuposa, palibe vuto. Ikatsika pansi pa 45, mlingo umachepetsedwa kuti usapitirire mamiligalamu 1,000 pa tsiku, ndipo madokotala ambiri sayambitsa munthu watsopano pa mankhwalawa. Ikafika pansi pa 30, metifomini amasiyidwa. Munthu sangadalire mmene akumvera m'thupi, chifukwa impso zimafooka mwakachetechete, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi zimene zimaziwononga kwambiri.

Amene sayenera kumwa

Kupatula odwala impso kwambiri, metifomini sayenera kuperekedwa kwa amene chiwindi chawo chawonongeka kwambiri, chifukwa chiwindicho ndi chimene chimachotsa asidi uja. Omwa mowa mwauchidakwa, kaya ndi kachasu kapena wa m'botolo, ali pa ngozi iwiri: mowa umawonjezera asidi, komanso ukhoza kugwetsa shuga ngati munthu wamwa osadya. Amene mtima wawo walephera mwadzidzidzi, amene akubanika chifukwa cha matenda aakulu a m'mapapo, ndi amene tizilombo talowa m'magazi mpaka kugonekedwa, nawonso sayenera kumwa, popeza thupi likasowa mpweya wabwino limapanga asidi wochuluka. Odwala shuga wa mtundu woyamba, amene kapamba wawo sapanga insulini, amafunika jakisoni wa insulini, ndipo metifomini sangalowe m'malo mwake. Mayi amene watenga pakati kapena akuyamwitsa asasiye yekha mankhwala, koma aonane ndi adokotala msanga kuti agwirizane chochita.

Odwala ambiri a shuga kwathu kuno amamwanso ma ARV, ndipo apa pali mfundo yofunika. Dolutegulavili, amene ali m'pilitsi limene ambiri akumwa masiku ano, amachedwetsa kutuluka kwa metifomini mu impso, moti mlingo wake m'magazi umakwera. Pa chifukwa chimenechi amalangiza kuti poyambitsa mankhwala awiriwa pamodzi metifomini asapitirire mamiligalamu 1,000 pa tsiku, pokhapokha adokotala ataona kuti n'koyenera ndipo akuyang'anira impso. Ma ARV sayenera kusiyidwa. Chofunika n'chakuti a ku kiliniki ya shuga adziwe za ma ARV, ndipo a ku kiliniki ya ma ARV adziwe za metifomini. Mankhwala opha ululu monga bulufeni ndi dikilofenaki, amene anthu amangogula okha, nawonso amafooketsa impso akamamwedwa pafupipafupi.

Masiku oyamba waimitsa

Ngakhale munthu wa impso zabwino ali ndi masiku ofunika kuimitsa kaye. Tibwerere kwa mayi uja. Patha zaka ziwiri akumwa mankhwala popanda vuto, ndiye wadwala malungo, thupi latentha, akusanza ndipo madzi sakukhazikika m'mimba. Kumeneku sikulinso kutsekula pang'ono kwa masabata oyamba kuja. Thupi likuuma, mkodzo wachepa, ndipo impso zimene dzulo zinali bwino lero zikhoza kulephera kutulutsa mankhwala. Choyenera ndi kuimitsa metifomini, kumwa madzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira chithandizo cha malungowo ndi kuyezetsa shuga, amene amakonda kukwera munthu akadwala. Ayambirenso pakatha tsiku limodzi kapena awiri akudya ndi kumwa bwinobwino. Lamulo lomweli ligwire ntchito pa kolera ndi kutsekula m'mimba kulikonse koopsa. Koma wobaya insulini asasiye insuliniyo.

Mankhwalawa amaimitsidwanso munthu akamapita ku opaleshoni yaikulu, komanso nthawi zambiri akamajambulidwa m'kati mwa thupi atabayidwa mankhwala oonetsa ziwalo, chifukwa mankhwala amenewo akhoza kulemetsa impso. Zikatero amadikira maola 48, ndipo amayambiranso impso zikaoneka kuti zili bwino.

Amene muli pa metifomini, ulendo wotsatira wa kuchipatala mukafunse mafunso awiri: impso zanu zinayezedwa liti komaliza, ndipo nambala yake inali chiyani. Mukapemphe kuti ailembe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene mukumwa, kuti aliyense wokuthandizani tsiku limene mwadwala mwadzidzidzi adzaione.