Momwe Oyendera Mabuku Amadziwira Kuti Kampani Ili Pafupi Kugwa

Caka ciliconse, akuluakulu a kampani akamalemba lipoti la ndalama, ayenera kuyankha funso limodzi: kodi kampaniyi idzatha kulipira ngongole zake ndi kupitiriza nchito kwa miyezi yosacepera 12 ikubwerayi? Oyendera mabuku a ndalama, omwe ambiri amawacha maodita, ndiwo amaona ngati yankholo lili ndi umboni. Lamulo limene amatsata ndi ISA 570, ndipo muno m'Zambia amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICA.

Funsoli ndi lalikulu cifukwa mtengo wa katundu wolembedwa m'mabuku umadalira yankho lake. Makina amene akugwira nchito amakhala ndi mtengo wabwino, koma kampani ikatsekedwa amagulitsidwa mofulumira pamtengo wozizira.

Cizindikiro coyamba ca vuto ndi phindu lolembedwa papepala pomwe kubanki kulibe ndalama. Cina ndi kucedwa kulipira anchito, msonkho ndi amene amaperekera kampani katundu. Cinanso ndi kukongola kwatsopano pofuna kubweza ngongole yakale.

Nkhani ya Carillion, kampani yomanga ya ku Britain, ionetsa zimenezi. Mu Malichi 2017 maodita a KPMG anavomereza mabuku ake a 2016, amene anaonetsa phindu, osacenjeza kuti ingagwe. Komatu kampaniyo inali kudikiritsa oiperekera katundu mpaka masiku 120. Mu Julaye caka comweco inalengeza kuti yataya mapaundi 845 miliyoni pa nchito zimene inkayembekezera kupindulapo. Pa 15 Januwale 2018 inagwa, ili ndi mapaundi 29 miliyoni okha m'manja, pomwe ngongole zinali pafupifupi mapaundi 7 biliyoni. Mu 2023 KPMG inalipitsidwa cindapusa ca mapaundi 21 miliyoni.

Nanga odita akakayikira amacita ciani? Coyamba amapempha ndondomeko ya ndalama zimene zidzalowa ndi kutuluka mwezi ndi mwezi, n'kuona ngati malonjezo a caka catha anakwaniritsidwa. Amawerenga mapangano a ngongole kuti adziwe tsiku lobweza. Akuluakulu akanena kuti banki kapena eni kampani adzathandiza, odita amafuna kalata, ndiponso umboni wakuti wolonjezayo ali nazodi ndalamazo.

Cikayiko cacikulu cikatsalabe, koma kampani yaciulula bwino m'lipoti lake, odita amavomereza mabukuwo nalemba ndime yapadera yocenjeza owerenga. Kampani ikabisa, iye amalemba kuti mabukuwo ali ndi colakwika, kapena amawakana onse. Amawakananso ngati n'zoonekeratu kuti kampani ikutsekedwa koma mabuku alembedwa ngati idzapitiriza.

Odita sangalosere zonse zam'tsogolo, motero lipoti lopanda cenjezo si lonjezo lakuti kampani siidzagwa. Koma amene afuna kugula magawo kapena kupereka katundu pangongole ayambe wafunafuna ndime yocenjezayo, ndi kuyerekeza phindu lolembedwa ndi ndalama zimene zinalowadi.