Muuzeni Mlonda Zonse Asanavale Yunifomu

Tiyerekeze kuti mukufuna mlonda wa usiku pa nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Ofunsira abwera ambiri, ndipo aliyense mukamufunsa ngati angaithe ntchitoyi akuti, "Ndingathe, bwana." Yankho limeneli lisakupusitseni. Munthu amene wakhala miyezi osagwira ntchito amavomera chilichonse, ndiye udindo wonena zovuta uli pa inu ofunsa.

Yambani ndi ndalama, ndipo tchulani imene idzafike m'manja mwake. Ngati malipiro ndi K200,000 pamwezi, muuzeni kuti K10,000 izipita ku penshoni, poti lamulo limati wantchito azisonkha 5 peresenti, abwana n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Msonkho wa PAYE nawo udulidwa ngati malipirowo apitirira mlingo umene boma linaika. Kenako mufunseni kumene amakhala. Ngati minibasi ndi K1,500 kupita, K1,500 kubwerera, pa masiku 26 ndi K78,000. Watsala ndi K112,000, msonkho tisanauwerengere, lendi asanalipire, ufa asanagule. Werengerani limodzi papepala. Mwina ali ndi njinga ndipo aona kuti zimuyendera, mwina aona kuti sizingatheke. Ndi bwino azindikire lero, kusiyana n'kudzazindikira pakutha pa mwezi, makiyi a pageti ali kale m'thumba mwake.

Za maola musazembe. Kulowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi maola 72, pomwe lamulo la ntchito la 2000 limati maola a masiku onse asapitirire 48 pasabata. Maola 24 owonjezerawo muziwalipira bwanji? Nanga womulandira akapanda kubwera, apitiriza mpaka liti? Ngati malipiro amachedwa miyezi ina, nenaninso zimenezo, ngakhale zikuchititseni manyazi.

Zowawa zina pakamwa sizimveka bwino, choncho mutengeni akaone yekha: kanyumba ka alonda ngati kalipo, denga lake ngati limadontha, ngodya ya mpanda kumene kulibe getsi. Muuzeni za kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi, za udzudzu wa m'dzinja, ndiponso ngati jekete, tochi ndi wezulo ndi za kampani kapena azigula yekha. Ngati akuba anathyolapo, musabise; fotokozani zimene zinachitika komanso amene angamuimbire foni usiku pakati.

Mudziwe kuti simunafotokoze mokwanira ngati munthu wangogwedeza mutu osafunsa kanthu. Mupempheni abwereze m'mawu ake zimene wamva, makamaka za ndalama ndi maola. Mukatero mupatseni zonsezo polemba, kuphatikizapo masiku a tchuthi, omwe ndi osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndipo mumulole akakambirane ndi a kunyumba kwake asanasaine.