Ulaliki Womveka Bwino pa Foni Imodzi

Munthu atakhala m'tchalitchi amamva ulaliki wonse bwinobwino, koma akakatsegula zomwe wajambula pa foni, mawu a abusa amamveka ngati akuchokera m'mgolo. Ambiri amada foni, ena amathamangira kukagula maikolofoni ina. Chonsecho vuto lagona pa mtunda wa pakati pa kamwa ya wolankhula ndi maikolofoniyo.

Tchalitchi cha makoma apulasitala, pansi pa simenti ndi denga lamalata chimabweza mawu m'malo mowameza. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. M'nyumba yotalika mamita 20, liwu lochoka kuguwa limakagunda khoma lakumbuyo n'kubwerera patadutsa kagawo kamodzi ka magawo 10 a sekondi, kapena kupitirira pang'ono. Pofika nthawiyo mlaliki ali kale pa liwu lina, ndiye awiriwo amasanjikizana. Ubongo wathu, pothandizidwa ndi makutu awiri, umasankha zoti umve. Maikolofoni sisankha, imangotola zonse.

Mawu obwererawa amadzaza nyumba yonse pafupifupi mofanana, pomwe mawu ochokera kukamwa amafooka msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yake imatsala gawo limodzi la magawo anayi. Tiyerekeze kuti mnyamata wojambula wakhala pa benchi lachinayi, mamita 5 kuchokera kuguwa. Akachotsa maikolofoni pamenepo n'kuipana pa malaya a mlaliki, masentimita 20 kuchokera pakamwa, wafupikitsa mtunda ka 25, ndipo mawu enieni a mlaliki akufika ndi mphamvu yoposa ka 600. Obwerera aja sanasinthe, koma tsopano akwiririka. Palibe maikolofoni yodula imene ingachite zimenezi ili pa benchi lachinayi.

Choncho kamaikolofoni kopana pa malaya, kotchipa komweko, n'kokwanira. Kapanidwe pachifuwa, chikhatho chimodzi kutsika kuchokera pachibwano, pamalo poti tayi, mkanda kapena mpango usamakakhule. Foni ilowe m'thumba la mlaliki, chingwe chidutse mkati mwa jekete. Ngati foni yomweyo ikujambulanso kanema, pafunika chingwe chachitali, ndipo chimatidwe pansi kuti a kwaya asakodwe nacho.

Pali msampha umodzi womwe wagwetsa ambiri. Kapulagi kolowa m'foni kamayenera kukhala ndi mizere itatu yakuda. Pa paketi amalemba TRRS. Ka mizere iwiri, TRS, n'ka kamera, ndipo mukakalowetsa, foni imangopitiriza kujambula ndi maikolofoni yake yamkati, inu osadziwa, mpaka ulaliki wonse n'kuthera m'thumba. Mafoni opanda kabowo ka mahedifoni amafuna adaputala, ndipo si adaputala iliyonse imene imalola maikolofoni. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yambani kujambula, kandani kamaikolofoni ndi chikhadabo, kenako kandani foni, mumvetsere. Kukanda koyamba kukamveka mokweza, zili bwino.

Poyesa, mlaliki alankhule mokweza monga amachitira uthenga ukafika pachimake, osati monong'ona ngati akupereka moni. Mawu akamveka othetheka, maikolofoni yalandira zoposa mphamvu yake, ndipo zimenezi sizikonzeka pambuyo pake. Itsitseni pang'ono pachifuwapo, kapena chepetsani mphamvu yojambulira ngati pulogalamu yanu ikulola. Foni ikhale pa Airplane mode, chifukwa wina akaimba kujambula kumatha kuduka.

Mu mzikiti kapeti imameza ena mwa mawu ogunda pansi, koma makoma osalala ndi denga lozungulira zimabwezabe. Pa khutuba ya Lachisanu, pemphani chilolezo kwa shehe nthawi isanakwane, ndipo kumbukirani kuti akatsika adzatsogolera swala. Foni ili m'thumba lapachifuwa imagwa munthu akagwetsa nkhope pansi. Thumba lam'mbali mwa mkanjo ndiye labwino.

Atsogoleri ena safuna kupanidwa kanthu pa chovala, ndipo tisawakakamize. Zikatero, ngati nyumbayo ili ndi zokuzira mawu, ikani maikolofoni patsogolo pa sipika imodzi, pafupifupi mita imodzi. Osaiika pakati pa masipika awiri, pomwe mawu amafika kawiri. Ngati masipika palibe, iikeni pagome la wolankhula pamwamba pa nsalu yopinda, kuti akamenya gome foni isagwedezeke nayo.

Za kukhoma mathireyi a mazira pakhoma, musavutike nazo. Amameza zochepa kwambiri, ndipo chitenje chimodzi chimapyapyala. Bulangete lokhuthala lopachikidwa pakhoma loyang'anizana ndi wolankhula ndiye limathandizako. Komanso musataye mtima ndi zomwe mwamva poyesa m'nyumba yopanda anthu, chifukwa matupi ndi zovala za mpingo zimameza mawu ochuluka kuposa mabulangete omwe mungakwanitse kubwera nawo.