Invoyisi: pepala lolondolera ndalama za ntchito yomwe yatha

"Mapepala anu sanakwane, mubwerenso sabata yamawa." Mawu amenewa amawadziwa bwino akalipentala, atelala, osindikiza mabuku ndi ena onse operekera katundu kumasukulu, kumakampani ndi kumabungwe. Ntchito inatha kalekale, katundu analandiridwa, koma ndalama zili zii. Nthawi zina wogulayo ndi wozengereza basi. Koma kawirikawiri chatsekereza ndalama ndi invoyisi, pepala lomwe wogulitsa amalemba pouza wogula kuti alipire zingati, za chiyani, ndipo pofika liti.

Invoyisi si koteshoni, yomwe imanena mtengo ntchito isanayambe, komanso si lisiti, lomwe limachitira umboni kuti ndalama zaperekedwa. Imakhala pakati pa ziwirizi. Ndipo amene amaiwerenga si bwana uja anagwirana chanza ndi mmisiri. Imakafika pa tebulo la akauntanti yemwe sanaone katunduyo ndipo mmisiriyo samudziwa n'komwe. Chilichonse chomwe pepalalo silikunena, iye ayenera kukafunsa kwa wina, ndipo podikira yankho amaliika pansi pa mulu.

Tiyerekeze kalipentala wa ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe yemwe wakhomera sukulu ina yoyima payokha madesiki 40. Pamwamba pa invoyisi yake payenera kukhala dzina la bizinesi, komwe ili, nambala ya foni ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho yomwe amapereka a Malawi Revenue Authority. Kenako dzina lonse la sukuluyo, osati la ahedi kapena la munthu amene anabwera kudzaoda, chifukwa wolipira ndi sukulu. Ngati sukulu inapereka LPO, chikalata choodera katundu, nambala yake ilembedwe poonekera, pakuti ndi imene akauntanti amayambira kufufuza ngati odayo inavomerezedwa.

Pofotokoza katundu m'pamene ambiri amachita ulesi. Kungolemba kuti "madesiki, K3,520,000" n'kuputa mafunso. Kalipentala wosamala amalemba kuti madesiki okhala ana awiri, 40, pa K85,000 imodzi, zonse K3,400,000. Mzere wina nkuikapo thiransipoti, K120,000, kuti pamodzi zikwane K3,520,000. M'munsi mwake amachotsera dipoziti ya K1,700,000 yomwe analandira pogulira matabwa, ndipo ndalama yotsala, K1,820,000, amailemba moonekera bwino kuposa nambala ina iliyonse. Pomaliza amaika njira yolipirira: dzina la banki, nthambi, nambala ya akaunti ndi dzina lomwe lili pa akauntiyo, kapena nambala ya Airtel Money kaya TNM Mpamba. Dzina la pa akaunti likasiyana ndi la pamwamba pa invoyisi, maofesi ambiri amakana kulipira, ndipo sakulakwa, chifukwa akuba amadutsira pomwepo.

Nkhani ya VAT ndi yachidule: amaonjezera okhawo amene analembetsa VAT ku MRA, ndipo iwo amaonetsa msonkhowo pamzere wakewake. Wosalembetsa sayenera kuuika.

Nanga nambala ya invoyisi? Invoyisi iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake, yosabwerezedwa, yotsatana ndi inzake. Mabuku a invoyisi a kaboni ogulitsidwa m'masitolo amabwera ndi manambala kale, koma vuto limadza buku likatha, pakuti latsopano likhoza kuyambiranso pa nambala yomwe ija. Mapeto ake pamakhala ma invoyisi awiri a nambala 014, ina ya sukulu, ina ya tchalitchi, ndipo ndalama ikalowa kubanki mwini wake sadziwa kuti yalipira iti. Njira yosavuta ndi kuika chaka patsogolo: 2025-001, 2025-002, mpaka chaka chithe. Tsamba likalakwika lisang'ambidwe. Lidulidwe mzere, lilembedwe kuti lafafanizidwa, nkusiyidwa m'bukumo, chifukwa nambala yosowa imadzutsa mafunso tsiku lomwe owerengera mabuku kapena a msonkho abwera. Invoyisi yomwe yapita kale kwa wogula siyifufutidwa ndi cholembera. Ngati madesiki awiri abwezedwa, pamalembedwa chikalata china chochotsera K170,000, chotchula nambala ya invoyisi yoyamba ija.

Gawo lomwe limapweteketsa amisiri ambiri ndi la nthawi yolipira. Mawu oti "mulipire msanga" kapena "pakutha pa mwezi" alibe mphamvu. Mwezi wake uti? M'mapepala a makampani mumapezeka mawu oti Net 30, kutanthauza kuti ndalama yonse ilipidwe pasanadutse masiku 30 kuchokera tsiku la invoyisi. Ngakhale apo mkangano umabuka, poti maofesi ena amayamba kuwerenga tsiku lomwe pepalalo lafika kwa iwo. N'chifukwa chake kulemba deti lenileni kumaposa zonse. Invoyisi ya kalipentala uja ikalembedwa pa 3 Malichi, anene kuti ndalama ikhale italowa pofika pa 2 Epulo. Aipereke tsiku lomwelo lomwe madesiki atsitsidwa, pamodzi ndi pepala losainidwa ndi amene wawawerenga, ndipo kope yake yotsala m'buku idindidwe chidindo cha sukulu chokhala ndi deti. Mmisiri amene amadikira masabata awiri asanalembe invoyisi wakongoza masabata awiriwo mwaulere.

Kuchedwa kulipidwa kuno kwathu si nkhani ya kudikira kokha. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya misomali, guluu ndi vanishi inalumpha. Amene anali ndi ndalama kunja kwa miyezi itatu anadzalandira ndalama yosakwanira kugula zipangizo zomwe anagwiritsa ntchito. Chindapusa cha wochedwa kulipira chimathandiza pamenepa.

Koma chindapusacho sichitulukira pa invoyisi ngati chodzidzimutsa. Chiyenera kukhala kale pa koteshoni kapena pa mgwirizano womwe wogula anasainira, invoyisi nkungokumbutsa. Chongoonjezera ntchito itatha, wogula akhoza kuchikana, ndipo n'chovuta kuchiteteza nkhani ikafika kukhoti. Mawu ake akhale omveka: ndalama yotsala ikapyola tsiku lake, padzaonjezeredwa 2 peresenti pa mwezi uliwonse. Pa K1,820,000 imeneyo ndi K36,400 pa mwezi. Sukulu ikachedwa miyezi iwiri, chindapusa ndi K72,800, ndipo yonse yoti ilipire ndi K1,892,800. Ikalipirako K1,000,000 pa tsiku lake, chindapusa chiwerengedwe pa K820,000 yotsalayo, yomwe ndi K16,400 pa mwezi. Kuika 30 peresenti pa mwezi ndi katapila, ndipo kasitomala wabwino sabweranso. Chindapusacho chilembedwe pa invoyisi yatsopano ya nambala yake, yotchula yakale ija.

Chinanso chomwe chimadabwitsa operekera katundu koyamba n'chakuti ndalama yolowa kubanki imatha kuchepa pang'ono poyerekeza ndi ya pa invoyisi. Asanayambe kukalipa, afunse kaye. Makampani ndi mabungwe ambiri amalamulidwa kudula msonkho asanalipire nkuutumiza ku MRA m'dzina la wogulitsayo. Apa ndi pomwe TPIN ija imagwira ntchito. Wodulidwayo aitanitse satifiketi yosonyeza ndalama yomwe yadulidwa, ayiphatikize ku kope ya invoyisi, chifukwa ndalama imeneyo idzachotseredwa pa msonkho womwe iye ayenera kukhoma pakutha pa chaka.