Makina ogula pakati pa chaka: wogulitsa mbewu amagawa miyezi, mlimi sagawa

Ku Brooklyn, mu mzinda wa Pretoria, kuli likulu la SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa. Lamulo limene bungweli limatsata pa msonkho wa pa phindu ndi la 1962, ndipo limatilola kuchotsa mtengo wa makina pa phindu lathu pang'onopang'ono tisanawerengere msonkho. Ndalama yochotsayi ndi imene timaitcha alawansi ya makina. Anzathu amene ali ndi masitolo a mbewu kapena minda m'dzikolo amafunsa kawirikawiri kuti: ngati makina abwera chaka chili pakati, kodi tichotse alawansi ya chaka chonse kapena ya miyezi yokhayo imene agwira ntchito? Yankho lagona pa zinthu ziwiri, ndizo gawo la lamulo limene makinawo akugweramo, ndi tsiku limene anayamba ntchito.

Tiyambe ndi wogulitsa mbewu. Zipangizo za m'sitolo ndi m'nyumba yosungiramo katundu zimagwera m'gawo 11(e), limene limanena za kutha kwa chipangizo chifukwa chochigwiritsa ntchito. SARS inafotokoza gawoli m'chikalata chotchedwa Interpretation Note 47, ndipo kumapeto kwake kuli mndandanda wa zaka zimene mtengo wa chipangizo chilichonse umagawidwira. Kompyuta yapatsidwa zaka 3, mipando ndi matebulo zaka 6, pamene galimoto yoperekera katundu ndi makina onyamulira matumba, aja timati fokolifiti, zapatsidwa zaka 4. Alawansi ya gawoli imayenda ndi nthawi imene chipangizo chagwira ntchito, choncho chaka chosakwanira chimalandira alawansi yosakwaniranso.

Tiyerekeze kampani yogulitsa mbewu imene chaka chake cha msonkho chimayamba pa 1 Malichi ndi kutha kumapeto kwa Febuluwale. Kampaniyi yalipira fokolifiti ya R360,000 mu Ogasiti, koma makinawo afika mochedwa ndipo ayamba kunyamula matumba a mbewu ya chimanga pa 1 Okutobala. Mtengo umenewu ndi wopanda VAT, popeza kampani yolembetsa VAT imabwezeredwa msonkhowo padera, ndipo siingauphatikizenso pa mtengo wa makina. Tikagawa R360,000 pa zaka 4 tipeza R90,000 pa chaka, kutanthauza R7,500 pa mwezi. Kuchokera Okutobala kufika Febuluwale pali miyezi 5, ndiye alawansi ya chaka choyamba ndi R37,500. Makina akayamba ntchito mwezi uli mkati, kuwerengera masiku kumapereka yankho lolondola kuposa kuwerengera miyezi.

Ndalama yotsalayo sitayika ayi. M'zaka zitatu zotsatira kampaniyo ichotsa R90,000 chaka chilichonse, ndipo m'chaka chachisanu ichotsa R52,500 ya miyezi 7 ija imene inatsala. Zonse pamodzi zikwana R360,000. Njira yosavuta yodziwira ngati kaundula wathu wa makina ali bwino ndi yomweyi: fokolifiti yoyamba ntchito pakati pa chaka iyenera kuoneka m'zaka zisanu za msonkho. Ikatha m'zaka zinayi, ndiye kuti wina anachotsa chaka chathunthu pachiyambi.

Kulakwitsa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Kampani ikachotsa R90,000 m'malo mwa R37,500, yachepetsa phindu lake ndi R52,500. Msonkho wa makampani ndi 27 peresenti, choncho msonkho wosalipidwa ndi R14,175. SARS ikaunika mabuku imafuna ndalamayo pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo ikhoza kuwonjezerapo chilango cha kuchepetsa msonkho monga mwa lamulo la kayendetsedwe ka misonkho la 2011. Kulakwitsa kwina kofala ndiko kuwerengera kuchokera pa tsiku la invoisi. Kampani yathu ija ikanayambira Ogasiti ikanawerenga miyezi 7, n'kuchotsa R15,000 ya miyezi iwiri imene makina anali asanafike n'komwe pamalo.

Kwa mlimi wa mbewu nkhani ndi ina. Makina ndi zipangizo zogwiritsa ntchito pa ulimi zili m'gawo 12B, limene limapereka 50 peresenti ya mtengo m'chaka chimene makina ayamba ntchito, 30 peresenti m'chaka chachiwiri ndi 20 peresenti m'chachitatu. Gawoli siligawa miyezi. Mlimi amene wagula thirakitala ya R360,000, n'kuyamba kugaula nayo pa 1 Okutobala yemweyo, achotsa R180,000 m'chaka choyamba, kenaka R108,000, ndipo pomaliza R72,000. Mtengo ndi umodzi, tsiku ndi limodzi, koma wogulitsa wachotsa R37,500 pamene mlimi wachotsa R180,000. Mlimi amene angagawe R180,000 pa miyezi 5 mwa 12 angachotse R75,000 yokha, n'kudzimana R105,000 imene lamulo likumulola chaka chimenecho.

Thirakitala yogula kwa mlimi mnzathu imaloledwanso m'gawo 12B, chifukwa chofunika n'chakuti ife tikhale kuti tikuigwiritsa ntchito koyamba pa ulimi wathu. Koma gawoli lili ndi malire. Galimoto imene ntchito yake yaikulu ndi kunyamula anthu sililowamo, chimodzimodzinso mipando ndi zipangizo za mu ofesi. Zimenezi zimabwerera ku gawo 11(e), kumene miyezi imagawidwa ngakhale mwini wake ndi mlimi.

Ngakhale gawo 12B siligawa miyezi, tsiku loyamba ntchito likadali lofunika, makamaka chaka chikamatha. Kwa mlimi amene akulima m'dzina lake, chaka cha msonkho nthawi zambiri chimatha kumapeto kwa Febuluwale. Makina opopera mankhwala amene alowa m'munda pa 26 Febuluwale alandira 50 peresenti yonse m'chaka chimenecho. Makina omwewo akalipiridwa mu Febuluwale koma n'kukhala m'shedi kufikira pa 3 Malichi, alawansi yonse yoyamba isunthira ku chaka chotsatira. Kulipira sikukwanira, kulandira katundu sikukwaniranso. Lamulo limafuna kuti makina ayambe ntchito.

Ogulitsa ena ali ndi mwayi wosankha. Kampani yaing'ono imene eni ake onse ndi anthu, osati makampani ena, imene ndalama zake zolowa pa chaka sizipitirira R20 miliyoni, ndipo ikukwaniritsa mfundo zina za gawo 12E, ikhoza kuchotsa 50, 30 ndi 20 peresenti popanda kugawa miyezi, m'malo motsata gawo 11(e). Fokolifiti yathu ija pamenepo ingapereke R180,000 m'chaka choyamba. Ndi bwino kutsimikiza ndi wowerengera ndalama wathu chaka chilichonse kuti kampani ikadali m'gulu limeneli, popeza mwini mmodzi akangokhala ndi masheya m'kampani ina akhoza kuitulutsamo.

Tisanalembe alawansi iliyonse, tidzifunse kaye kuti makinawa ndi a gawo liti, kenaka kuti anayamba ntchito liti. M'kaundula wa makina tilembe masiku atatu padera: logula, lolandira ndi loyamba ntchito. Tisunge umboni wa tsiku lachitatulo, monga chikalata cha amene anadzaika makinawo, buku la maola a thirakitala kapena lisiti ya dizilo woyamba. Malamulo amene tafotokozawa ndi a ku South Africa. Amene amalipira msonkho ku MRA m'Malawi kapena ku ZRA m'Zambia atsate malamulo a kwawoko, asatengere manambala awa pa mafomu awo.