Polembera acikulire a mumpingo: phunziro la kalata imodzi

Mwezi watha tinalemba kalata yaifupi yodziwitsa akhristu amene safikanso ku chalichi kuti abusa adzawapatsira Mgonero wa Ambuye kunyumba. Colinga cinali cabwino, koma pa nyumba zisanu zimene abusa anayendera pamodzi ndi mkulu wa mpingo, ziwiri sizinalandire. Pa nyumba yoyamba anapeza citseko cotseka, amai atapita ku dimba. Pa yaciwiri atate anawalandira bwino ndi kuwapatsa mpando, koma Mgonero anaukana tsiku limenelo. Anangofunsa mwakacetecete ngati iwo tsopano abwerera m'kalasi ya ophunzira za ubatizo.

Titabwerera ku kalata ija tinaona kuti colakwa cinali cathu. Inali yotere:

“Cidziwitso kwa nkhalamba zonse zosatha kuyenda. Mailo pa 14:00 abusa adzabwera ndi Mgonero. Musaiwale kusamba ndi kukonzeka. Mgonero ndi cakudya copatulika, cotero muyenera kuyamba mwalapa. Ana anu akuthandizeni kumvetsa.”

Mulibe mau otukwana m'menemo, ndipo ambiri a ife tikanaisaina osaona vuto. Tiyeni tiione bwino, pakuti alembi, madikoni ndi atsogoleri a magulu amalemba makalata otere mwezi ndi mwezi.

Dzina limene tiwaitana nalo

Vuto liyambira pa mzere woyamba. Mau akuti “nkhalamba” si oipa paokha, koma tamverani mau amene amawatsatira: nkhalamba zonse, zosatha, zabwera, zadwala. Ndi mmene timanenera za mbuzi kapena ndiwo. Tikati “acikulire”, “makolo athu” kapena “atate ndi amai”, mau otsatira amakhala a anthu: onse, abwera, adwala. Khutu la munthu wamkulu limamva kusiyana kumeneku msanga. Comweconso ndi timau tocepetsa monga “kagogo” ndi “tiagogo tathu”. Wolemba amayesa kuti ndi cikondi, koma wolandira amamva kuti wacepetsedwa.

Kenaka tinawachula ndi cimene sangathe: “zosatha kuyenda”. Munthu amene anayenda pansi kupita ku misonkhano kwa zaka makumi anai safuna kuti dzina lake lomaliza mumpingo likhale limeneli. Cifukwa ca ulendo wa abusa cinganenedwe ndithu, koma cisakhale dzina la munthu.

Kuno ku Lundazi njira yaulemu tiidziwa kale, ndiyo kuitana munthu ndi ciwongo cake. Bambo timati a Phiri, a Banda, a Nyirenda. Mai wacicewa timati a Naphiri kapena a Nabanda, pamene wacitumbuka ndi a Nyaphiri kapena a Nyabanda. Nyumba zikakhala zisanu kapena khumi, palibe covuta kulemba ciwongo pamwamba pa kalata iliyonse ndi dzanja. “Agogo” kapena “ambuya” ndi mau okoma pakamwa pa mdzukulu, koma pa kalata ya mpingo sayenera aliyense. Amene anali mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa amai timuchule ndi udindo wake, ngakhale anapumula kale. Mtumwi Paulo pa 1 Timoteo 5:1-2 alangiza mbusa wacinyamata kuti mwamuna wamkulu amudandaulire monga atate wake ndi mkazi wamkulu monga amai ake. Munthu saitana atate ake ndi cidziwitso ca pa khoma.

Kusathamanga

Kalata yathu inalowa m'nyumba popanda “odi”. Tikafika pakhomo pa munthu wamkulu sitiyamba ndi cimene tadzera. Timakhala pansi, timapatsana moni, timafunsa za m'thupi ndi za mvula, ndipo pamenepo mpomwe timamasula ulendo. Kalata nayonso ndi mlendo. Mizere iwiri ya moni si kutaya pepala. Imapatsa womvera nthawi yozindikira amene akulankhula naye nkhani isanafike.

Izi n'zofunika kwambiri cifukwa makalata athu ambiri amamveka ndi khutu. Maso a acikulire ambiri anafooka, ndipo amene amawerenga mokweza ndi mdzukulu wa pa sukulu, nthawi zina kucokera pa foni. Womvera sangabwerere m'mbuyo kuti aonenso mzere umene wamupita. N'cifukwa cake ciganizo cimodzi cinyamule nkhani imodzi, ndipo nkhanizo zitsatane monga zidzacitikira: ndani abwera, liti, adzacita ciani, nanga mwini nyumba ayankha bwanji. Tsiku ndi nthawi zinenedwe kawiri, pakati ndi kumapeto.

Kuthamanga ndiko kunatipangitsa kulemba “mailo”. M'Cinyanja ca m'tauni mau amenewa amaimira dzulo ndiponso mawa, ndipo womvera amasankha yekha. Koma m'Citumbuka, cimene anthu ambiri a boma lino amalankhula kunyumba, “mayiro” ndi dzulo basi, pamene mawa ndi “namacero”. Amai aja atamva mdzukulu akuwerenga anaganiza kuti abusa anadutsa kale dzulo lake, anadandaula mumtima, m'mawa mwake n'kutenga khasu. Ngakhale “mawa” weniweniyo sathandiza, pakuti kalata ikhoza kugona masiku awiri m'thumba la wotumidwa. Tilembe dzina la tsiku ndi deti: Lacinai, pa 12. Ticenjerenso ndi “sabata”, amene kwa ife angatanthauze tsiku lopembedza kapena mlungu wonse. Nayo “14:00” ndi nthawi ya ku maofesi. “2 koloko masana, titatha kudya nsima” aliyense aimva.

Kusathamanga sikutanthauza kucurutsa mau. Kalata yaitali yozungulira imatopetsa womvera mofanana ndi yaifupi yodumphadumpha. Cofunika n'cakuti pasakhale mpata umene womvera ayenera kudzaza yekha ndi zongoganiza.

Pamene kupeputsa kumabisala

Mizere itatu yomaliza ndiyo inapweteka atate aja. “Musaiwale kusamba” ndi mau ouza mwana wopita ku sukulu. “Ana anu akuthandizeni kumvetsa” anena poyera kuti mwini kalata sangamve yekha. Koma coipitsitsa cinali kuwafotokozera tanthauzo la Mgonero.

Tiyeni tiwerengere zaka. Munthu wobadwa mu 1945 anali ndi zaka 19 pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964. Pamene Sinodi ya CCAP ya Zambia inakhazikitsidwa kuno ku Lundazi mu 1984, iye anali ndi zaka 39, mwina ali kale mkulu wa mpingo. Ena anaphunzira kwa aphunzitsi a misoni ya Chasefu. Ena anakulira mu mpingo wa Reformed, umene nchito yake inayambira ku Magwero mu 1899, ndipo mavesi a Buku Lopatulika ali nawo pamtima. Munthu wotere walandira Mgonero kambirimbiri wolemba kalata asanabadwe. Kumuuza kuti ayambe walapa kuli ngati kuphunzitsa mlimi wakale kagwiridwe ka khasu.

Pano pali malire amene tiyenera kuwasunga. Pali zinthu zimene acikulire sazidziwa cifukwa n'zatsopano, monga dongosolo limene bungwe la akulu langogwirizana, kapena katumizidwe ka copereka pa foni. Zimenezo tizifotokoze mokwanira, cimodzicimodzi, popanda kupepesa ndi popanda kunena kuti n'zosavuta, pakuti mau akuti “n'zosavuta” amacititsa manyazi amene zamuvuta. Koma za cikhulupiriro, za ulemu, za maliro, za ukhondo wa pakhomo, iwo ndiwo anatiphunzitsa. Pamenepo tikumbutsane monga anthu odziwa pamodzi, kapena tingokhala cete.

Kupeputsa kwina kumavala nkhope ya cifundo. Timabisira munthu wamkulu nkhani yovuta, monga kuti copereka ca cimango cakwera kapena kuti abusa asamutsidwa, poganiza kuti tisamulemetse. Kapena timamuyamikira pa zazing'ono, kuti “mwacita bwino kwambiri kukumbukira tsiku”. Zonsezi zimamuuza kuti sitimuwerengeranso pakati pa anthu oganiza. Ulemu ndi kumuuza zoona zonse, n'kumusiyira mpata wosankha.

Kalata yaciwiri

Tinalembanso motere, ndipo pamwamba pa iliyonse tinaika ciwongo ca mwini wake:

“Kwa atate athu a Banda. Tikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Tikhulupirira kuti mwauka bwino pamodzi ndi onse a pakhomo. Ife kuno ku mpingo tili bwino, ndipo malo anu timawaona tikasonkhana. Podziwa kuti mtunda wa ku chalichi ndi wautali, abusa afuna kubwera kwanu kuti adzadye nanu Mgonero wa Ambuye. Adzabwera ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Tsiku limene taganiza ndi Lacinai, pa 12 mwezi uno, 2 koloko masana. Mkate ndi cikho adzabwera nazo, cotero musavutike kukonza kanthu. Ngati tsikuli silikukomerani, tiuzeni kudzera mwa amene wabweretsa kalatayi, ndipo tidzasankha lina pamodzi. Mukavomera, tidzaonana Lacinai pa 12, 2 koloko masana. Mutikumbukire m'mapemphero anu. Ndife ana anu, a bungwe la akulu.”

Onani zimene zasintha. Colepheretsa tsopano ndi mtunda, osati miyendo yao. Abusa adzadya nao, osati kungowapatsa. “Muyenera” wacoka, ndipo m'malo mwake muli funso limene iwo angayankhe inde kapena iai. Pomaliza tapempha kanthu kwa iwo, mapemphero, pakuti munthu amene amangolandira osapemphedwa kanthu amayamba kudziona ngati katundu. Kwa amene Citumbuka ndico ciyankhulo ca pamtima, tinapempha mkulu wina wocidziwa bwino kuti alembe yao m'Citumbuka, osati kusakaniza ziwirizi m'kalata imodzi.

Kuyesa kalata isanatuluke

Njira imene tapeza yothandiza ndi iyi. Tipatse mwana wa sukulu kalatayo kuti aiwerenge mokweza kamodzi kokha, ife titatseka maso. Pamene iye apunthwa, mdzukulu wa kumudzi adzapunthwanso. Akatha, tifunse munthu wina amene anali kumvetsera kuti anene tsiku, nthawi ndi cimene apemphedwa. Akalephera, vuto lili m'kalata.

Kenaka tidzifunse funso limodzi pa mzere uliwonse: kodi mau awa tingawanene titakhala pamphasa pamaso pa apongozi athu, kapena pabwalo la mfumu Mwase kapena mfumu Magodi? Kumeneko palibe amene anganene kuti “musaiwale kusamba”, komanso palibe amene angabise cimene wadzera. Mzere umene ungatipatse manyazi pamenepo ucotsedwe.

Lacinai lija abusa anapitanso. Amai anali pakhomo, atayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Atate aja anatsogolera okha nyimbo yotsegulira, popanda buku. Levitiko 19:32 aika kulemekeza aimvi pamodzi ndi kuopa Mulungu m'vesi limodzi. Alembi a mipingo yathu, kalata yotsatira musanaitumize, ionetseni kwa mkulu mmodzi wa msinkhu umenewo, ndipo mumvere zimene adzakonza.