Kudzutsa mota ya chigayo popanda kugwetsa magetsi

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi chigayo cha magetsi amadziwa nthawi imene wogayitsa wayatsa makina ake, ngakhale asanamve phokoso. Mababu amazilala kaye, filiji imabuula, kenako zonse zimabwerera m'malo mwake. Kuzilalako kumachitika chifukwa mota ikamadzuka imakoka karenti yambiri zedi kuposa imene imadya ikakhala pa liwiro lake.

Titenge chigayo chokhala ndi mota ya makilowati 22, imene ambiri amaitchula kuti ya mahosipawa 30, yolumikizidwa ku magetsi a mafezi atatu a mavoti 400 monga amene ESCOM imapereka. Ikamagaya pa mphamvu yake yonse, mota yotere imakoka maampeya pafupifupi 42. Koma pa sekondi imene yangoyatsidwa kumene, ikadali chiimire, imatha kukoka kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu kuposa pamenepo. Tikawerengera kasanu ndi kawiri, tikupeza maampeya pafupifupi 290. Chifukwa chake n'chakuti mota ikamazungulira imapanga voteji yakeyake yolimbana ndi imene ikuchokera ku laini, ndipo voteji imeneyo ndi imene imachepetsa karenti. Ikakhala chiimire mulibe cholimbana nacho, choncho karenti imangokhuthukira m'makoyilo mpaka liwiro litakwera.

Tsono taganizirani kuti chigayocho chili pa thiransifoma ya 100 kVA, imene pa mavoti 400 imapereka maampeya pafupifupi 144. Mota imodzi yokha ikupempha kawiri kuposa zimene thiransifoma yonse inapangidwira. Sipsa ayi, popeza ndi kanthawi kochepa, koma voteji imagwa pa laini yonseyo, ndipo oyandikana nawo ndi amene amalawa zowawa.

Njira yoyamba, yomwe amisiri amangoti dayirekiti ndipo pa mabokosi imalembedwa DOL, sichepetsa kanthu. Muli kontakita imodzi, ovalodi yoteteza mota, batani lobiriwira ndi lofiira. Mukadina lobiriwira, mavoti 400 onse amapita ku mota nthawi yomweyo. Ndi yotsika mtengo, sichedwa kukonza, ndipo imapatsa mota mphamvu yake yonse yozunguza shafiti, imene pa mota zambiri imakhala pafupifupi kawiri kuposa ya nthawi zonse. Pa mpope waung'ono kapena makina ochekera matabwa a makilowati atatu kapena anayi, palibe chifukwa chofunira zina. Pa mota ya chigayo chathu nkhani ndi ina: kuwonjezera pa maampeya 290 aja, malamba amalira ndi kuterereka pa pule, mabelingi amagwedezeka, ndipo ngati magetsi akuchokera ku jenereta yosakula kwenikweni, imatha kutsamwa n'kuzima.

N'chifukwa chake m'zigayo zambiri mumapezeka sitaa-delita. Mota ya mafezi atatu ili ndi makoyilo atatu, ndipo mukatsegula kabokosi kake mumapeza nsonga zisanu ndi imodzi zolembedwa U1, V1, W1, U2, V2 ndi W2. Makoyilo amenewa angalumikizidwe m'njira ziwiri. Pa delita, koyilo iliyonse imakhala pakati pa mafezi awiri ndipo imalandira mavoti 400 athunthu. Pa sitaa, nsonga zitatu zimamangidwa pamodzi ndipo koyilo iliyonse imalandira mavoti 230 okha. Sitata ya mtundu uwu ili ndi makontakita atatu ndi taima. Imadzutsa mota ili pa sitaa, ndipo pakapita masekondi angapo taima imatsegula kontakita ya sitaa n'kutseka ya delita.

Phindu lake ndi lalikulu: karenti yochokera ku laini imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Maampeya 290 aja asanduka pafupifupi 97, amene thiransifoma yathu iwanyamula mosadandaula. Koma pali mtengo wake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya masitata. Mphamvu yozunguza nayonso imatsika kufika pa gawo limodzi mwa atatu. Mota imene pa dayirekiti ikadayamba ndi mphamvu kawiri kuposa ya nthawi zonse, pa sitaa ikuyamba ndi mphamvu yosafika ndi ya nthawi zonse yomwe.

Chigayo chopanda kanthu m'kati chimadzuka bwinobwino ndi mphamvu yochepayo. Mavuto amabwera magetsi akazima pakati pogaya. Chimanga chimatsalira m'kati, pakati pa nyundo ndi sefa, ndipo magetsi akabwerera wogayitsa, poona mzere wa amayi ndi matumba awo, amangodina batani. Mota imang'ung'udza, imazungulira mwaulesi, ndipo taima, imene siona liwiro koma imangowerenga masekondi, imaiponya pa delita isanafike pa theka la liwiro lake. Pamenepo karenti imalumpha kufika pafupi ndi ya dayirekiti ija, bureka imagwa, ndipo sitata yonseyo yakhala yopanda ntchito. Mankhwala ake safuna ndalama: tsekani meini switchi, tsegulani chigayo, chotsani chimangacho, kenako yatsani.

Ngakhale chigayo chikhale chopanda kanthu, taima iyenera kutcheredwa molingana ndi makinawo. Mmisiri wodziwa ntchito amapanikiza kilampu mita pa waya umodzi n'kumayang'ana. Pa sitaa karenti imayamba pamwamba, imatsika pamene liwiro likukwera, kenako imakhazikika. Pamene yakhazikikapo ndi pamene delita iyenera kulowa. Khutu nalo limathandiza, chifukwa kulira kwa mota kumasiya kukwera. Taima ikafulumira, mumamva kugunda kwamphamvu ndipo mababu amazilala kachiwiri. Kugunda pang'ono kumakhalapo ndithu ngakhale zonse zili bwino, popeza pakati pa sitaa ndi delita mota imachotsedwa pa magetsi kwa kamphindi n'kubwezeredwanso.

Zinthu ziwiri zimaotcha mota zambiri pa sitaa-delita, ndipo zonse zimachokera pa kusawerenga. Choyamba ndi kachitsulo kokhomedwa pa mota. Pa magetsi athu a mavoti 400, mota yoyenera njira iyi ndi yolembedwa 400/690 V, kutanthauza kuti makoyilo ake amapirira mavoti 400 pa delita. Yolembedwa 230/400 V iyenera kukhala pa sitaa moyo wake wonse. Mukaiika pa sitaa-delita imadzuka bwino kwambiri, mwini wake n'kumamwetulira, koma delita ikangolowa koyilo ya mavoti 230 ikulandira 400, ndipo posakhalitsa kumamveka fungo la vanishi wopsa. Chachiwiri ndi ovalodi. M'masitata ambiri a mtundu uwu ovalodi imaikidwa kunsi kwa kontakita yaikulu, kumene imaona karenti ya koyilo osati ya laini. Ikakhala pamenepo iyenera kutcheredwa pa 0.58 kuchulukitsa ndi karenti ya pa kachitsulo. Pa mota yathu ndi maampeya pafupifupi 24, osati 42. Woitchera pa 42 wasiya mota yopanda mlonda.

Sofiti sitata imagwira ntchito mwa njira ina. M'kati mwake muli tizipangizo totchedwa mathayirisita, tiwiritiwiri pa fezi iliyonse imene ikuwongoleredwa, timene timadula mbali ya funde lililonse la magetsi. Poyamba timadula gawo lalikulu, kotero mota imalandira mwina magawo 30 kapena 40 pa 100 a voteji, kenako voteji imakwera pang'onopang'ono kwa masekondi amene mmisiri wasankha. Palibe kulumpha kuchoka pa sitepe ina kupita pa ina, palibe kugunda, ndipo mawaya opita ku mota ndi atatu okha. Zambiri zimalolanso kuika malire a karenti, mwachitsanzo katatu ndi theka kuposa ya nthawi zonse. Mota ikafika pa liwiro, kontakita ya baipasi imalambalala mathayirisita kuti asamatenthe tsiku lonse.

Ogulitsa amaitama ngati kuti imathetsa zonse, koma masamu ake ndi ouma mtima. Mphamvu yozunguza imatsika mofulumira kuposa voteji: voteji ikatsika ndi theka, karenti imatsika ndi theka, koma mphamvu imatsala gawo limodzi mwa anayi. Pa mota yathu, malire a katatu ndi theka ndi maampeya pafupifupi 147, theka la 290, ndipo mphamvu yoyambira yatsala gawo limodzi mwa anayi. Yerekezani ndi sitaa, imene pa maampeya 97 okha inapereka gawo limodzi mwa atatu. Mukafuna kuti sofiti sitata itsike mpaka pa 97, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa asanu ndi anayi, ndipo chigayo mwina sichisuntha n'komwe. Choncho pa sekondi yoyamba, sitaa-delita yachikale ija imapereka mphamvu yambiri pa ampeya iliyonse. Kumene sofiti sitata imapambana ndi kwina: ilibe kulumpha kwa pa delita, ndipo mungathe kuitchera kuti igwirizane ndi makina anu, pomwe sitaa ili ndi sitepe imodzi yokha imene simungaisinthe.

Malo ake enieni ndi pa mipope ikuluikulu, monga ya ulimi wothirira. Mpope umafuna mphamvu yochepa poyamba ndipo kufunako kumakula pamene liwiro likukwera, ndiye voteji yokwera pang'onopang'ono imagwirizana nawo bwino. Sofiti sitata imathanso kuimitsa mpope mwapang'onopang'ono, zimene zimaletsa madzi kubwerera mwamphamvu n'kumenya mavavu ndi majointi a mapaipi. Dayirekiti ndi sitaa-delita sizingachite zimenezo, zimangodula magetsi basi. M'chigayo, fumbi la ufa limatseka mipata yolowera mpweya ndipo mathayirisita amatentha, makamaka ngati mota ikuyatsidwa kambirimbiri pa ola kuposa mmene buku lake likulolera. Ikawonongeka, si mmisiri aliyense wa pa tauni yaing'ono angaitsegule, pomwe kontakita ndi taima zimapezeka m'masitolo a zamagetsi ndipo amazisintha tsiku lomwelo.

Wina asakunamizeninso kuti sitata ina ichepetsa mayuniti. Kudzuka kwa mota kumatenga masekondi ochepa chabe, ndipo ikafika pa liwiro imadya chimodzimodzi kaya inadzutsidwa ndi njira iti. Sofiti sitata sisinthanso liwiro logwirira ntchito. Imeneyo ndi ntchito ya chipangizo china, chija chimalembedwa VFD, chimene chimasintha mahezi a magetsi ndipo mtengo wake ndi wokwererapo.

Kwa mwini chigayo cha makilowati 22 chimene chimayamba chopanda kanthu, sitaa-delita yotcheredwa bwino ndi yokwanira, ndipo ndalama za sofiti sitata kuli bwino azisungire malamba ndi masefa. Kwa mwini mpope waukulu wokankha madzi pa paipi yaitali, sofiti sitata ndi yoyenera mtengo wake. Musanagule iliyonse, werengani kachitsulo ka pa mota, funsani kukula kwa thiransifoma kapena jenereta imene mukudalira, ndipo ntchito yolumikiza muisiyire mmisiri wokhala ndi chiphaso.